Beti ya E/W pa mpikisano wa mahatchi: mafunso ndi mayankho pa kawerengedwe ka malipiro

Kuno ku Mangochi kulibe bwalo la mpikisano wa mahatchi, koma mipikisano ya ku Britain, ku Ireland ndi ku Joni timaionera pafoni ndi pakanema, ndipo ena amabetcha. Ambiri anazolowera tikiti ya mpira, imene imangowina kapena kudyedwa basi. Beti imene pasikirini imalembedwa kuti E/W kapena Each Way ili ndi kawerengedwe kakekake, ndipo mikangano yambiri yomwe imamveka m'mashopu obetchera pa boma imabuka poti ndalama yotuluka yasiyana ndi imene munthu anaiwerengera m'mutu. Malamulo amene ndafotokoza pano ndi a ku Britain ndi ku Ireland, omwe makampani ambiri amatengera. Kampani iliyonse ili ndi tsamba lake la malamulo, ndipo pakakhala kusiyana, tsamba limenelo ndi limene limagamula.

Kodi beti ya E/W ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mabeti awiri olembedwa pa tikiti imodzi. Yoyamba ikunena kuti hatchi yanu ikhala nambala wani. Yachiwiri ikunena kuti hatchiyo ithera pa malo olipidwa, kaya ndi awiri oyambirira, atatu kapena anayi. Mabeti awiriwa amakhala ndi mpamba wofanana, n'chifukwa chake mukalemba K2,000 n'kudina pa E/W, ndalama yochoka m'thumba imakhala K4,000. Sikuti akuberani. K2,000 yapita ku mbali yopambana, K2,000 ina yapita ku mbali ya malo.

Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimaphweka. Mbali iliyonse muziiwerengera payokha ngati kuti inzakeyo kulibe, kenako muziphatikiza kumapeto.

Nanga 1/5 1-2-3 imene imalembedwa pamwamba pa mayina a mahatchi ikutanthauzanji?

Manambala 1-2-3 akunena malo amene alipidwe. Gawo la 1/5 likunena kuti mbali ya malo ilipidwa pa maodi a hatchi yanu atagawidwa ndi 5. Hatchi ya maodi a 10/1, kutanthauza phindu la K10 pa K1 iliyonse, ndiye kuti pa mbali ya malo ili pa 2/1.

Titenge munthu wopalasa kabaza wa kwa Mpondasi amene waponya K2,000 E/W pa hatchi ya 10/1, mu mpikisano wa mahatchi 9. Hatchiyo ikapambana, mbali yoyamba imupatsa phindu la K20,000 kuphatikiza mpamba wake wa K2,000, zonse K22,000. Koma hatchi yopambana yatheranso pa malo olipidwa, choncho mbali yachiwiri nayo imalipira: phindu K4,000 ndi mpamba K2,000, zonse K6,000. Alandira K28,000.

Hatchiyo ikakhala yachiwiri kapena yachitatu, K2,000 ya mbali yopambana yadyedwa, ndipo angolandira K6,000 ija. Poti anatulutsa K4,000, phindu lake lenileni ndi K2,000. Nambala yachiwiri ndi yachitatu zimalipira chimodzimodzi. Ikakhala yachinayi, palibe chake.

Foni yanga imaonetsa 11.00 osati 10/1. Ndingogawa 11 ndi 5?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokerera. Nambala ya 11.00 ili ndi mpamba wanu m'kati mwake, pomwe chogawidwa ndi phindu lokha. Yambani mwachotsa 1, gawani chotsalacho, kenako bwezeranipo 1 uja:

```
(11.00 - 1) / 5 + 1 = 3.00
3.00 x 2000 = 6000
```

Mukangogawa 11 ndi 5 mupeza 2.20, n'kumayembekezera K4,400 pomwe yanu ndi K6,000.

Ndani amasankha kuti malo olipidwa akhale awiri, atatu kapena anayi?

Zimatengera kuchuluka kwa mahatchi amene athamangadi, komanso mtundu wa mpikisano. Mahatchi akakhala 4 kapena kucheperapo, kulibe mbali ya malo, yolipidwa ndi yopambana yokha. Akakhala 5, 6 kapena 7, malo ndi awiri, pa 1/4. Akafika 8 kupita m'tsogolo, malo ndi atatu, pa 1/5.

Mipikisano yolembedwa kuti Handicap ndiyo imapitirira pamenepo. Iyi ndi mipikisano imene hatchi yodziwika kuti ndi yaliwiro imasenzetsedwa kulemera kochuluka kuti onse akhale ndi mwayi woyandikana. Poti zotsatira zake n'zovuta kulosera, malipiro ake amakomako. Mahatchi kuyambira 8 mpaka 11 malo ndi atatu pa 1/5, monga mipikisano ina yonse. Kuyambira 12 mpaka 15 malo akadali atatu koma pa 1/4. Akakwana 16 kapena kuposa, malo amakhala anayi pa 1/4.

Pa mipikisano ikuluikulu monga Grand National ya ku Aintree, imene kuyambira 2024 imalola mahatchi osapitirira 34, makampani amakonda kuwonjezera malo mpaka asanu kapena asanu ndi limodzi pofuna kukopa anthu. Kawirikawiri akatero amatsitsa gawo lija kuchoka pa 1/4 kufika pa 1/5. Muziwerenga manambala onse awiri, osangokomedwa ndi kuchuluka kwa malo.

Ndinabetcha m'mawa mahatchi alipo 8, yanga yathera pa nambala 3, koma tikiti yadyedwa. Zatheka bwanji?

Yang'anani pa mndandanda wa zotsatira ngati pali hatchi yolembedwa NR pambali pake. Imeneyo ndi hatchi imene yachotsedwa mpikisano usanayambe, mwina chifukwa yavulala, mwina mwini wake waona kuti nthaka yafewa kwambiri ndi mvula. Imodzi yokha ikachoka pa 8, otsala ndi 7, ndipo malipiro amasintha kuchoka pa malo atatu kufika pa awiri. Chowerengedwa si chiwerengero cha m'mawa pamene munkabetcha, koma cha mahatchi amene ananyamukadi.

Zimawawa, koma ndi mmene lamulo lilili, ndipo ine ndimaona kuti mpikisano wa mahatchi 8 ndendende ndi woyenera kuuchenjerera kuposa ina yonse. Chimodzimodzi handikapu ya mahatchi 16, imene imataya malo achinayi imodzi ikangochoka. Amene akufuna malo achitatu aja ndi bwino adikire mpaka kutatsala mphindi zochepa, aone ngati onse alipo, ngakhale kuti ina imatha kukana kulowa m'chipata pa mphindi yomaliza n'kuchotsedwa.

Kusinthaku kuli ndi kaubwino kake pang'ono. Wa kabaza uja hatchi yake ya 10/1 ikanakhala yachiwiri pa mahatchi 7, akanalipidwa pa 1/4, phindu K5,000 ndi mpamba K2,000, zonse K7,000 m'malo mwa K6,000.

Dziwaninso kuti hatchi imene yanyamuka kenako n'kugwa podumpha mpanda, kapena kugwetsa woikwera, imawerengedwa kuti yathamanga. Malo sachepa chifukwa cha iyo, ndipo amene anaibetchera wadyedwa. Ngati ochotsedwa achuluka mpaka kutsala 4, makampani ambiri amasamutsira ndalama ya mbali ya malo ku mbali yopambana, ndiye K4,000 yonse imadalira nambala wani.

Nanga yochotsedwayo ikakhala yanga?

Amakubwezerani K4,000 yonse. Kupatula kokha ngati munabetcha masiku angapo mpikisano usanafike, pa maodi olembedwa Ante-Post. Pamenepo hatchi ikapanda kuthamanga ndalama yapita, pokhapokha kampani italemba poyera kuti ibweza.

Hatchi yanga yapambana koma pa tikiti palembedwa Rule 4 ndipo ndalama yachepa. N'chiyaninso chimenechi?

Maodi amene munatenga anaikidwa pamene mpikisano unali ndi hatchi ina imene kenako yachotsedwa. Itachoka, mwayi wa yanu unakula, choncho kampani imadula gawo la phindu lanu. Kukula kwa gawolo kumatengera maodi a hatchi yochotsedwayo pa nthawi imene imachoka. Ikakhala ya 2/1 amadula 30 tambala pa kwacha iliyonse ya phindu, ya 3/1 amadula 25 tambala, ya pakati pa 6/1 ndi 9/1 amadula 10 tambala. Ikakhala yoposa 14/1 sadula kanthu, poti inalibe mwayi weniweni.

Kudulaku kumakhudza mbali zonse ziwiri, koma sikukhudza mpamba. Pa tikiti yathu ija, tinene kuti hatchi ya 3/1 yachoka, mahatchi atsala 8, ndipo yathu yapambana. Phindu la K20,000 latsika kufika pa K15,000, phindu la K4,000 latsika kufika pa K3,000. Kuphatikiza mpamba wa K4,000, zonse K22,000 osati K28,000. Amene anasankha SP, kutanthauza maodi a pa nthawi yonyamuka, nthawi zambiri sadulidwa, chifukwa maodiwo amakhala atakonzedwa kale hatchi ija kulibe.

Kodi n'zoona kuti mahatchi awiri angafike limodzi osatheka kuwasiyanitsa?

Zimachitika, ngakhale si kawirikawiri. Pa mzere womaliza pali kamera imene imajambula mphuno za mahatchi zikamadutsa, ndipo woweruza amakulitsa chithunzicho. Kusiyana kwa kachigawo ka mphuno kumakwanira kupereka chipambano. Akalephera kusiyanitsa, amalengeza kuti afikira limodzi, ndipo pa zotsatira pamalembedwa DH kapena dead heat. Achimwene amene anakhalako ku Joni angakumbukire Durban July ya 2008 pa bwalo la Greyville, pamene Pocket Power ndi Dancer's Daughter anagawana nambala wani. Ku America mu 2003, High Chaparral ndi Johar anachita chimodzimodzi mu Breeders' Cup Turf, ndipo mu 1944 pa bwalo la Aqueduct ku New York, mahatchi atatu anafikira limodzi mu Carter Handicap.

Zikatero amagawa maodi pakati kapena amagawa ndalama yanga?

Amagawa mpamba, maodi amawasiya athunthu. Theka la mpamba limatengedwa ngati lawina, theka linalo ngati ladyedwa. Ena amati n'chimodzimodzi, koma sichoncho. K2,000 pa 10/1 ikagawidwa pakati, K1,000 imalipidwa pa 10/1 n'kubweretsa K11,000, K1,000 inayo yapita. Akanagawa maodi kuti akhale 5/1, K2,000 yonse ikanabweretsa K12,000. Kusiyana kwa K1,000 kumeneko ndi theka la mpamba lija lodyedwa.

Tsono pa tikiti ya E/W muzifunsa funso ili kawiri, mbali iliyonse payokha: pa malo amene alipo, kodi mahatchi onse ofikira limodziwo akukwanapo? Hatchi yathu ikagawana nambala wani ndi inzake, mbali yopambana ili ndi malo amodzi okha pomwe ofuna malowo ndi awiri, ndiye imagawidwa n'kupereka K11,000. Koma pa mbali ya malo, awiriwo atenga nambala 1 ndi 2, onse ali m'kati mwa atatu olipidwa, choncho K6,000 imabwera yathunthu. Zonse pamodzi K17,000. Ngati kampani yakupatsani K14,000, kutanthauza kuti yangodula K28,000 pakati, yalakwitsa, ndipo muli ndi chifukwa chodandaulira.

Ndiye kuti kufikira limodzi pa nambala 2 sikundichotsera kanthu?

Zimatengera kuti malo olipidwa ndi angati. Zili ngati minibasi ya ku Namwera imene yatsala ndi mipando iwiri: anthu awiri akafika pakhomo nthawi imodzi palibe mkangano, koma mpando ukatsala umodzi ndiye kupanikizana. Malo akakhala atatu, mahatchi awiri ofikira limodzi pa nambala 2 amadzaza nambala 2 ndi 3, onse amalipidwa zathunthu, ndipo hatchi yotsatira imawerengedwa yachinayi. Amene anabetchera yotsatirayo amaiona ngati yachitatu ndi maso, koma salandira kanthu.

Malo akakhala awiri okha, monga pa mahatchi 7, ofikira limodzi pa nambala 2 akulimbirana malo amodzi. K1,000 yokha ndiyo imalipidwa pa 1/4 ya 10/1, phindu K2,500, zonse K3,500.

Chofala kwambiri ndi kufikira limodzi pa malo omaliza olipidwa. Hatchi yathu ikagawana nambala 3 pa malo atatu, K1,000 imalipidwa pa 2/1 n'kubweretsa K3,000. Munthu uja anatulutsa K4,000, ndiye waluza K1,000, ngakhale foni ikumuonetsa kuti tikiti yake yawina.

Mahatchi akakhala atatu, njira yake ndi yomweyo: malo otsala muwagawe ndi chiwerengero cha ofikira limodzi.

```
mpamba x malo otsala / mahatchi ofikira limodzi
3000 x 2 / 3 = 2000
```

Apa ndatenga munthu amene anaika K3,000 pa mbali ya malo, ndipo mahatchi atatu afikira limodzi pa nambala 2 pomwe malo ndi atatu. Otsala ndi malo awiri, choncho K2,000 ndiyo imalipidwa pa 2/1, kubweretsa K6,000 m'malo mwa K9,000.

Anzanga amati E/W ndi inshulansi, siungaluze hatchi ikathera pa atatu oyamba. N'zoona?

Si zoona pa hatchi iliyonse. Kuti mbali ya malo ibweze ndalama yonse imene munatulutsa, phindu lake liyenera kufanana ndi mpamba wodyedwa ku mbali yopambana. Pa 1/5 zimenezi zimachitika hatchi ikakhala ya 5/1, pa 1/4 ikakhala ya 4/1. Pa maodi amenewo hatchi ikakhala yachiwiri mumangobwezeredwa K4,000 yanu, osapindula osaluza. Pansi pa pamenepo mukuluza ndithu. Hatchi ya 2/1 pa 1/5 ikakhala yachiwiri, K2,000 imabala K800 yokha, mumalandira K2,800, ndipo K1,200 yapita.

N'chifukwa chake kudina E/W pa hatchi imene aliyense akuti ndiyo ipambane sikuoneka kwanzeru kwa ine. Mwachulukitsa kawiri ndalama yotuluka kuti mugule chitetezo chimene sichikukwana n'komwe. Ndipo hatchi ikathera kunja kwa malo, zomwe zimachitika nthawi zambiri pa maodi aatali, mwaluza kawiri ndalama imene mukanaluza pa beti wamba.

Ndikaphatikiza mahatchi awiri pa tikiti imodzi ya E/W, imodzi n'kupambana inayo n'kukhala yachitatu, ndilandira chiyani?

Pa tikiti yophatikiza, mbali yopambana imayenda yokha kuchoka pa hatchi yoyamba kupita pa yachiwiri, mbali ya malo nayonso imayenda yokha. Ndalama sidumpha kuchoka mbali ina kupita inzake. Tinene mwaika K1,000 E/W, zonse K2,000, pa hatchi ya 5/1 ndi ina ya 10/1, onse pa 1/5. Yoyamba yapambana, yachiwiri yathera pa nambala 3. Mbali yopambana yafa, chifukwa inafunika kuti onse awiri akhale nambala wani. Pa mbali ya malo, K1,000 pa hatchi yoyamba yasanduka K2,000, ndipo K2,000 imeneyo pa 2/1 yasanduka K6,000. Chipambano cha hatchi yoyamba chija sichikuwonjezerani kanthu kuposa ikanakhala yachiwiri.

Pakanema ndinaona hatchi yanga ikudutsa pa nambala 3, koma zotsatira zaiika pa 4. Amalipira potengera ziti?

Amatengera zotsatira zovomerezeka, zimene zimalengezedwa okwera mahatchi akayezedwanso pa sikelo mpikisano utatha. Ku Britain chizindikiro chake ndi mawu akuti weighed in. Zisanafike pamenepo, oyang'anira mpikisano akhoza kuunika ngati hatchi ina inatchinga kapena kugunda inzake, ndipo akhoza kuitsitsa nambala. Wokwera akapezeka kuti wapepuka kuposa mmene anayenera kulemerera, hatchi yake imachotsedwa pa zotsatira ndipo akumbuyo amakwera. Makampani ena amalipira zonse ziwiri, yodutsa koyamba ndi yolengezedwa, koma kawirikawiri ndi pa mbali yopambana yokha komanso pa mipikisano ya ku Britain ndi ku Ireland. Hatchi ikadzalandidwa chipambano patapita masabata, mwina chifukwa cha mankhwala oletsedwa, matikiti sawerengedwanso.

Mbale wanga ku Joni akuti iye amalipidwa mosiyana pa hatchi yomweyo. Wina akunamizidwa?

Mwina palibe. Ku South Africa anthu ambiri amabetcha pa toti, pamene ndalama za onse obetchera malo zimasonkhanitsidwa pamodzi, kampani n'kuchotsapo gawo lake, zotsalazo n'kugawidwa kwa amene mahatchi awo athera pa malo olipidwa. Kumeneko kulibe 1/4 kapena 1/5. Malipiro amadziwika mpikisano ukatha, amatengera kuchuluka kwa anthu amene anasankha hatchi imeneyo, ndipo chiwerengero cha malo chimatsata malamulo a totiyo. Hatchi yomweyo, nambala yomweyo, inu ndi iye mukhoza kulandira ndalama zosiyana popanda wolakwitsa.

Ndikaona kuti andilipira zochepa, ndiyambire pati?

Musanakweze mawu kwa mlongo wa pa kauntala, amene amangowerenga zimene makina atulutsa, tengani cholembera. Onani kaye chiwerengero cha mahatchi amene ananyamuka, kuti mudziwe malo ndi gawo loyenera. Kenako fufuzani NR, Rule 4 ndi DH pa zotsatira. Werengerani mbali ziwirizo padera, ndipo ngati pali msonkho wodulidwa muuchotse kumapeto, poti umenewo si mbali ya kawerengedwe ka mahatchi. Ngati kusiyana kukadalipo, perekani nambala ya tikiti, nthawi imene munabetcha ndi masamu anuwo ku ofesi yamadandaulo ya kampaniyo. Nthawiyo ndi yofunika kwambiri pa Rule 4, chifukwa amene anabetcha hatchi ija itachotsedwa kale, pa maodi atsopano, sayenera kudulidwa.